Wakutsina Khutu Umamuyankha Bwanji

Mdzukulu wanga, sendera kuno ukhale pampando uwu. Loweruka lija ndinakulanda foni m'manja usanatumize yankho lako, ndipo ndinaona nkhope yako itagwa. Sindinathe kukufotokozera bwino nthawi imene ija chifukwa pakauntala panali anthu, ndipo mwini golosale sadzudzulidwa pamaso pa ogula ake. Lero tatseka, tiyi ali pamoto, ndiye ndikuuze chimene ndinakugwirira dzanja.

Uthenga wa mayi aja ndaukumbuka wonse, pakuti unandiwerengera kawiri. Anayamba ndi kukufunsa mmene waswerera. Kenako anati: "Pepani achimwene kukuvutitsani. Dzulo ndinagula nyemba za nanyati makilogalamu 5, koma nditayeza pa sikelo yanga yophikira masikono zakwana 4.6. Mwina yanga ndi imene yalakwa, koma ndati ndikudziwitseni kuti muonenso yanu. Nyembazo n'zabwino, sizikuchedwa kupsa." Iwe unali utalemba kale kuti: "Zikomo mayi, tamva. Pepani, tikonza." Chala chinali pafupi kudina.

M'mawu akowo munalibe chipongwe. Munali zikomo, munali pepani. Koma ndikufunse: unati tikonza, ukonza chiyani? Sikelo unali usanaiyang'ane. Mnyamata amene anayeza nyembazo unali usanamufunse. Sunkadziwa ngati cholakwa chili kwa ife kapena kwa iwo. Yankho lotere limakwana pa dandaulo lililonse, kaya la sopo, kaya la mchere, kaya la chenji choperewera, ndipo woliwerenga amadziwa msanga kuti angomuchotsa pakhomo mwaulemu. Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda. Pa malonda, chimene chimapoletsa chilonda ndi kumuuza munthu zimene wapeza, zimene wakonza ndi zimene ukumubwezera. Zikomo wako amalemera ndi zinthu zitatu zimenezo.

Uyambe waganiza za mayi aja asanakulembere. Anafika kunyumba, nayeza, naona kuti zaperewera. Anali ndi njira zambiri. Akanatha kukhala chete n'kuyamba kugula kwa mnzako wa tsidya la msewu. Akanatha kukaiponya nkhaniyo pa gulu la amayi a m'dera lawo pa WhatsApp, pofika madzulo Balaka yense akunena kuti sikelo ya mdzukulu wa madala aja ndi yakuba. Akanathanso kukadandaula ku bungwe la CFTC, limene limamva madandaulo a ogula, kapena kwa a MBS amene amayendera masikelo a malonda. Lamulo loteteza ogula lilipo m'dziko muno kuyambira 2003, ndipo kupereweza muyezo ndi mlandu ngakhale utanena kuti sunachitire dala. Iwo anasiya njira zonsezo nabwera kwa iwe pawekha, moyamba ndi malonje, nakusiyiranso khomo lothawira ponena kuti mwina yawo ndi imene yalakwa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu wotere sumuyankha ndi mawu asanu olembedwa uku ukuwerenga chenji cha wina.

Ine phunziro limeneli ndinaligula modula. M'zaka zimene ndinkayamba okala, nyali za koloboyi zikadali m'nyumba iliyonse, palafini ndiye anali malonda anga aakulu. Tsiku lina mayi wina wachikulire, amene ankagula kwa ine sabata iliyonse, anadikira mpaka anthu onse atachoka. Anayandikira, natsitsa mawu, nati: "Bambo, palafini wa sabata ino akuthetheka m'nyali, ndipo chingwe chikuzima chokha. Kapena muone mgolo wanu." Ine ndi unyamata wanga ndinayankha kuti: "Mayi, anthu onse akugula yemweyu ndipo palibe wadandaula. Kapena ndi nyali yanu." Anangoti "zikomo bambo", nanyamula dengu lawo. Patapita masiku atatu mgolo utatsala pang'ono kutha, ndinapeza madzi pansi pake. Chivindikiro ndinkachisiya chosamanga bwino, mgolo uli pakhonde pamene denga linkadontha. Madzi amalemera kuposa palafini, ndiye amakhala pansi, ndipo mpopi wanga unkakoka kuchokera pansi pomwepo. Mayi aja sanapondenso pakhomo panga mpaka tinakawaika m'manda. Amayi a kumpingo kwawo nawonso anayamba kuchepa mmodzimmodzi, popanda wondiuza chifukwa.

Mawu aja oti palibe wadandaula uwachotse m'kamwa mwako mpaka kalekale. Anthu athu sakonda kudandaula pamaso. Amaopa kuoneka ovuta, amaopa kudana ndi munthu amene adzakumane naye pamaliro mawa. Amavota ndi mapazi. Ndiye mmodzi akayankhula, udziwe kuti kumbuyo kwake kuli ena amene anaona zomwezo nangokhala chete.

Tsono tamvera dongosolo lake. Dandaulo laulemu limayankhidwa kawiri. Yankho loyamba ndi lalifupi, ndipo limapita tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ntchito yake ndi kumudziwitsa munthu kuti mawu ake afika kwa mwini wake ndiponso kuti adzamva zotsatira liti. Lija tinatumiza limodzi linali lotere: "Taswera bwino Mayi, kaya inu. Zikomo pondidziwitsa za nyemba zija. Ndiyeza sikelo yathu tikatseka madzulo ano, ndipo mawa isanakwane 10 koloko m'mawa ndikuuzani zimene ndapeza." Uone kuti m'menemo sitinavomere mlandu ndipo sitinaukane. Tinangolonjeza chinthu chimodzi chimene tikanatha kukwaniritsa, n'kutchula nthawi yake. Ukatchula nthawi, uisunge. Ukanena 10 koloko n'kuyankha 4 koloko madzulo, wawonjezera dandaulo lachiwiri pamwamba pa loyamba.

Pakati pa yankho loyamba ndi lachiwiri ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Ukumbukire mmene tinachitira, chifukwa tsiku lina udzachita ndekha ine kulibe. Tinayamba ndi sikelo yopanda kanthu, kuona ngati ikuwerenga ziro. Inawerenga ziro. Tinaona ngati yakhala pamalo osapendekeka, pakuti sikelo ya batire ikapendama kapena mwendo umodzi ukalenjekeka imanama. Inali bwino. Tinatenga paketi ya shuga yosatsegula ya kilogalamu imodzi n'kuiika pakati, kenako m'makona onse anayi. Inawerenga kilogalamu ndi timagalamu tochepa ta pepala lake. Tinasanja mapaketi asanu, inawerenga makilogalamu 5 ndi pang'ono. Tinachita zimenezi chifukwa sikelo ina imanena zoona pa katundu wopepuka n'kumanama pa wolemera, makamaka zija zopachika za koloko, zimene chitsulo chake cham'kati chikatopa chimatamuka mopitirira n'kumaonetsa kulemera kumene kulibe. Ukasowa shuga, lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, bola uchotsere kulemera kwa botolo. Kuyeza kotereku ndi kwa pakhomo chabe, sikulowa m'malo mwa chidindo cha a MBS, koma kumakuuza usiku womwewo kumene vuto lili.

Apa iwe unamwetulira n'kunena kuti: "Agogo, mwaona, sikelo yathu ilibe vuto." Ukanatumiza zimenezo ukanakhala utanena zoona zimene zili bodza. Mayi aja sanagule sikelo, anagula nyemba. Ndiye ndinaitana mnyamata wathu uja n'kumuuza kuti andiyezere makilogalamu 5 monga amachitira masiku onse, ine osanena kanthu. Anatenga beseni lachitsulo lija unagula mwezi watha, naliika pasikelo, nayamba kuthira nyemba mpaka manambala afika pa 5. Batani lolembedwa `TARE`, limene limachotsera kulemera kwa chotengera, sanalikhudze. Titakhuthula nyemba n'kuyeza beseni lokha, linalemera magalamu 400. Mayi aja anali atanena ndendende.

Mnyamatayo sanabe. Wogula kilogalamu imodzi kapena awiri ankamuyezera m'jumbo, imene kulemera kwake n'kosawerengeka. Beseni ankalitenga pa oda yaikulu yokha, kuyambira makilogalamu 5, ndipo palibe anamuphunzitsa za batani lija. Amene anagula beseni ndiwe. Amene anayenera kumuphunzitsa ndiwe. N'chifukwa chake ndinakukaniza kulemba kuti "mnyamata wathu ndi amene analakwitsa". Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Wogula sadziwa mnyamata, amadziwa golosale, ndipo mwini golosale amene amaponya wantchito wake kutsogolo ngati chishango amaoneka wamantha. Komanso mayi aja ndi munthu wachifundo. Akanamva kuti dandaulo lawo laika mwana wa eni pamoto, akanadziimba mlandu, tsiku lina akanaona cholakwa n'kungokhala chete.

Kenako tinatsegula kope la malonda. Apa ndi pamene unaona phindu la kulemba kalikonse, ngakhale umati ndimakutopetsa nako. Beseni linagulidwa masiku 19 m'mbuyomo. M'masiku amenewo maoda a nyemba oyambira makilogalamu 5 analipo 14. Ukachulukitsa magalamu 400 ndi 14 ukupeza makilogalamu 5.6 a nyemba zimene anthu analipira koma sanalandire. Pa mtengo wathu wa K3,000 pa kilogalamu, wogula aliyense tinamudyera K1,200, onse pamodzi K16,800. Ndalama imeneyo inali m'kabati mwathu, koma sinali yathu. Mwa anthu 14 aja, 9 tinkawadziwa nkhope ndi kumene amakhala. Enawo anali odutsa.

Ndi zimenezi m'manja, yankho lachiwiri linadzilemba lokha. Ndikubwerezere, kuti tilione mzere ndi mzere:

"Mwadzuka bwanji Mayi? Ndine mwini golosale munagulamo nyemba za nanyati Lachisanu. Munanena zoona, nyembazo zinaperewera ndi magalamu 400. Sikelo payokha ili bwino, koma tinkayezera m'beseni osachotsera kulemera kwa besenilo. Kulakwa kumeneku ndi kwathu, ndipo pepani kwambiri. Takonza, ndipo kuyambira lero wogula aliyense aziona sikelo ili pa ziro tisanathire kanthu. Magalamu 400 anu ndikubweretserani ndekha masana ano, kapena ngati mungakonde ndalama, ndikutumizirani K1,200 pafoni. Chifukwa cha uthenga wanu tapezanso ena amene zinawachitikira, ndipo tikuwabwezera. Zikomo kwambiri pobwera kwa ife poyamba, komanso mwaulemu chonchi. Nanyati wina afika Lachitatu kuchokera ku Lizulu."

Tayamba ndi malonje chifukwa iwo anayamba ndi malonje. Munthu amene wakupatsa moni sumulumphira ndi nkhani, ngakhale pafoni. Tawatchula kuti Mayi, ndipo ukadziwa mfunda wa munthu, uutchule, pakuti palibe chimene chimafewetsa mtima ngati kumva kuti wamalonda akukudziwa kuti ndiwe Nabanda kapena Nangozo, osati kasitomala chabe. Tatchula katundu ndi tsiku, kuti adziwe kuti uthengawu walembedwera iwo okha. Tayankha m'Chichewa chifukwa analemba m'Chichewa. Anyamata a masiku ano mumathawira ku Chingerezi cha mu ofesi mukafuna kupepesa, chifukwa m'Chingerezi manyazi samveka. Koma amene walandira amamva ngati wayankhidwa ndi khoma.

Mawu oti "munanena zoona" ndi amene ali mtima wa yankho lonse, ndipo ndinawaika patsogolo dala. Mayi aja anagona akudzifunsa ngati sanadzichititse manyazi. Chinthu choyamba chimene anafuna kumva si pepani, koma kuti maso awo sanawanamize. Kenako tafotokoza chimene chinachitika m'chiganizo chimodzi chokha. Kufotokoza n'kofunika, chifukwa popanda kutero munthu amatsala akuganiza kuti unkaba dala ndipo wagwidwa. Koma kukatalika kumasanduka kudziikira kumbuyo. Ukayamba za kukwera mtengo kwa mafuta, za kugwa kwa kwacha, za kuchuluka kwa ntchito, wayamba kupempha wogula kuti akumvere chisoni iweyo, pamene wodyeredwa ndi iye.

Pali timawu tiwiri timene ndinakufufutitsa, ndipo utisamale moyo wako wonse. Koyamba ndi "ngati". Unalemba kuti "pepani ngati tinakulakwirani". Ngati wa chiyani, beseni tinaliyeza tokha? Kachiwiri ndi "koma" wobwera pambuyo pa pepani. "Pepani, koma tsiku lija kunali anthu ambiri." Koma ameneyo amadya pepani yense amene ali patsogolo pake. Ukapepesa, ika mpumiro, upume, n'kupita ku zimene uchite.

Pa kubweza, tinawapatsa mayi aja kuti asankhe okha, nyemba kapena ndalama. Usamuuze munthu kuti "mudzabwere mudzatenge". Iye analakwa chiyani kuti alipirenso kabaza kudzatenga zake zomwe? Wolakwa ndi amene amayenda. Ndipo unaona kuti pa magalamu 400 aja ndinakuuza kuti uwonjezere kambale kamodzi ka banyira, osapitirira. Unkafuna kuwapatsa makilogalamu awiri athunthu ndi botolo la mafuta ophikira. Mtima unali wabwino, koma mphatso ikakula kuposa cholakwa imasintha dzina. Munthu waulemu amaiona ngati chitsekapakamwa, ndipo amachita nayo manyazi. Wadyera akamva, mawa akubwera ndi dandaulo lopeka. Banyira ndi mwambo wa pamsika umene aliyense amaudziwa, sachititsa manyazi wopereka kapena wolandira.

Mzere wonena za anthu ena aja unkafuna kuuchotsa, poopa kuti tikudziulula. Ine ndinati ukhale. Munthu amene wadandaula mwaulemu nthawi zambiri safuna magalamu ake okha, amafuna kuti zinthu zikhale bwino. Ukamuuza kuti mawu ake athandiza anthu ena 13, wamuthokoza koposa zikomo khumi. Koma mzere umenewo ulembedwe pokhapokha ngati ukuchitadi. N'chifukwa chake Lolemba unayenda makomo asanu ndi atatu otsala aja ndi timajumbo ta nyemba, ndipo pakhomo la golosale tinamata chipepala choti amene anagula nyemba zoyambira makilogalamu 5 m'masiku amenewo afunse pakauntala. Manyazi a tsiku limodzi amenewo ndi otchipa kuposa mbiri ya sikelo yakuba, imene ikakumatirira sichoka ngakhale utagula sikelo yatsopano.

Chomaliza m'yankho lija ndi nanyati wa Lachitatu. Sitinawapemphe kuti apitirize kugula kwa ife, sitinawachonderere. Tinangowauza kanthu kamene munthu wobweranso angafune kudziwa, makamaka poti anayamikira okha kuti nyembazo zikupsa msanga. Ndi njira yotsegula chitseko popanda kumukoka munthu dzanja.

Tsono usaganize kuti wodandaula aliyense amakhala wolondola. Tsiku lina udzayeza zonse, sikelo, beseni, mnyamata, n'kupeza kuti cholakwa kulibe. Pamenepo usapepese bodza pofuna kusangalatsa munthu, chifukwa ukavomera kuti sikelo yako ndi yolakwa pamene ili bwino, wadzinamizira wekha, ndipo mawuwo adzayenda. Zikomo yekha ndiye sasintha. Umuthokoze pokudziwitsa, umuuze zimene wayeza ndi mmene wayezera, kenako umuitane: "Mukapeza mpata mubwere ndi nyembazo ndi sikelo yanu, tidzayezere limodzi paketi ya shuga pa masikelo onse awiri." Akabwera, muchitire kuseri, osati pamaso pa anthu. Sikelo yake ikapezeka yolakwa, usaseke, usanene kuti ndinakuuzani. Unene kuti timasikelo timeneti timatero batire ikafooka. Iye anakusiyira khomo lothawira pamene ankakudandaulira, nawenso umusiyire lake. Kupambana mkangano n'kutaya wogula ndi malonda a chitsiru.

Palinso madandaulo amene ndi oona koma sungawakonze. Wina adzakuuza mwaulemu kuti shuga wako wakwera mtengo kuposa kutauni. Usalonjeze kuti uona, pamene ukudziwa kuti sutsitsa. Umuuze zoona mwachidule, kuti umapikula pa mtengo wakuti ndipo thiransipoti imadya zakuti, n'kumuthokoza pofunsa m'malo mongochoka. Lonjezo la "tiona" limene silikwaniritsidwa limawawa kuposa "ayi" waulemu.

Tibwere ku mbali inayo, ya woyamikira, pakuti unandifunsanso za bambo aja analemba pa gulu la m'dera kuti pagolosale pathu anawabwezera K5,000 imene anaiwala pakauntala. Unati kodi pamenepa pali choyankha kuposa kachithunzi ka manja opemphera? Chilipo. Munthu ameneyu wakubwereka dzina lake. Wauza anzake kuti akukhulupirire, ndipo ukadzawalakwira, manyazi adzagwera iye. Ndiye umuyankhe ndi mawu, ngakhale ochepa, ndipo mawuwo akhale okhudza chimene wayamikiracho. Ine ndikanalemba kuti: "Zikomo kwambiri Bambo chifukwa cha mawu anu. Amene anatola ndalamayo n'kukuthamangirani ndi mnyamata wathu wa pakauntala, ndipo ndamuwerengera uthenga wanu, wasangalala kwambiri. Mutipezenso."

Waona kusiyana kwake? Pa cholakwa mwini golosale amaima patsogolo, mnyamata n'kubisala kumbuyo kwake. Pa chiyamikiro mwini golosale amapatuka, mnyamata n'kuonekera. Mnyamata yemwe uja wa beseni ndi amene anathamangira bambo aja mpaka pa siteji ya minibasi. Akamva kuti pa cholakwa unamuphimba ndipo pa chabwino unamutchula, sadzakubisira kanthu. Ndipo ukanena kuti wamuwerengera, umuwerengeredi.

Poyankha woyamikira pali maenje awiri. Loyamba ndi kudzitama, kuyamba kunena kuti ife ndiye nambala wani m'boma lino, ena onse ndi akuba. Wakuyamikira kale mnzako, iwe ukawonjezera umachotsera. Komanso amene ukuwanyozawo ndi amene udzakabwerekeko chenji mawa. Lachiwiri ndi kusandutsa zikomo kukhala kutsatsa malonda. Munthu wanena za kukhulupirika kwako, iwe n'kumuyankha ndi mndandanda wa mitengo ya sopo ndi feteleza. Zili ngati mlendo wakupatsa nkhuku, iwe n'kumufunsa ngati alibenso mbuzi. Ndipo ukafuna kuonetsa anthu ena mawu amene munthu wakulembera pawekha, uyambe wamupempha. Ena safuna kuti dziko lidziwe kumene amagula, kapena kuti anali ndi ndalama zingati m'thumba.

Lamulo la malo ndi ili: kumene munthu wayankhulira ndi kumene umamuyankhira. Wayamikira pagulu, umuthokoze pagulu. Wadandaula pawekha, nkhani ithere pawekha, ndipo dzina lake lisamveke ngakhale kwa mkazi wako. Akadandaula pagulu koma mwaulemu, uyankhe pagulupo mwachidule kuti wamva ndipo umuimbira, zambiri mukambirane awiri, kenako ubwerere pagulu paja ndi chiganizo chimodzi chonena chimene chinalakwika ndi kuti chakonzedwa. Anthu amene anawerenga dandaulo ayenera kuwerenganso mathero ake.

Usaiwalenso kuwerenga chiyamikiro mpaka kumapeto. Anthu athu amakonda kukulunga dandaulo m'masamba a chiyamikiro. Wina adzati: "Mpunga wanu wa kilombero ndi wonunkhira bwino, ngakhale masiku ano tikumasankha nthawi yaitali." Wongomva kununkhira adzayankha zikomo n'kugona. Wamakutu adzamva kuti mumpunga muli miyala ndi mankhusu, adzatsegula thumba usiku womwewo. Poyankha uthokoze zonse ziwiri, ndipo chachiwiricho uchitchule ndi dzina lake, kuti munthuyo adziwe kuti chimene ananena monong'ona chamveka.

Dzulo unandiuza kuti mayi aja anasankha nyemba osati ndalama, ndipo utafika anakukhazika pampando nakupatsa sikono yotentha. Unatinso Lachitatu anabwera kudzagula nanyati, naima pakauntala maso ali pasikelo, mnyamata naika beseni, nadina batani, nawatembenuzira manambala kuti aone ziro asanathire. Kuyang'ana kumene kuja usakhumudwe nako. Adzayang'ana choncho mwina mwezi wathunthu, ndipo ali ndi ufulu. Yankho lako silinathere pafoni, likupitirira nthawi iliyonse imene beseni lija likukwera pasikelo.

Ine mayi wa palafini uja sindinapeze mpata womuuza kuti ananena zoona. Ndinaudziwa mlandu wanga patangopita masiku atatu, nyumba yawo ndinkaidziwa, koma manyazi anandimanga miyendo, ndinkati ndipita mawa. Iwe wayenda makomo asanu ndi anayi m'masiku awiri. Thira tiyi uja asanazizire, ndipo ubweretse kope lija tione ngati mwa odutsa asanu aja wabwera wina kudzafunsa nyemba zake.